Nkhuku za kameta, magulu a magazi ndi 9:3:4: manambalawa amachokera kuti?

Tadala: Moni nonse pa gulu. Ndikukonzekera mayeso a jenetikisi ndipo pali pomwe pandivuta. Za Mendel ndinazimva: Aa ndi Aa amapereka 3:1, majini awiri amapereka 9:3:3:1. Koma tsopano zabwera 1:2:1, 9:3:4, 9:7, 13:3, ndipo ndikungoloweza osadziwa kochokera. Kodi pa dominansi yosakwanira, kodominansi ndi epistasisi ndiye kuti malamulo a Mendel sagwiranso ntchito? Chonde akuluakulu ndithandizeni.

aGama: Tadala, ana anga a Fomu 4 ndimawauza chonchi. Dominansi yosakwanira ndi kusakaniza: duwa lofiira ndi loyera abereka la pinki. Kodominansi ndi pamene zonse ziwiri zikuoneka, ngati magazi a gulu AB. Epistasisi ndi pamene jini ina ili yamphamvu kwambiri moti imagonjetsa inzake. Ukaona 1:2:1 pa mayeso, lemba dominansi yosakwanira, wakhoza.

aPhiri: Zikomo aGama. Zitsanzo zanu zili bwino, koma pa mawu oti kusakaniza ndi pa 1:2:1 ndikufuna tionepo bwino.

Tadala, yamba ndi ichi, zina zonse zitsatira. Pa zitatu zonsezi, kagawidwe ka majini kuchoka kwa makolo kupita kwa ana sikasintha ngakhale pang'ono. Aa ndi Aa nthawi zonse amapereka 1 AA, 2 Aa, 1 aa. Chimene chimasintha ndi chakuti maso athu akutha kusiyanitsa magulu angati mwa amenewo. Ngati Aa akuoneka ndendende ngati AA, timawaphatikiza, 1 ndi 2 apanga 3, ndiye 3:1 uja. Ngati Aa ali ndi maonekedwe akeake, palibe chophatikiza, 1:2:1 amene analipo kale amangoonekera poyera.

Za kusakaniza, taona duwa lija la *Mirabilis jalapa* limene Carl Correns anagwiritsa ntchito. Lofiira ndi loyera amaperekadi la pinki. Koma ukakweretsa a pinki okhaokha, pa mbewu 4 zilizonse uyembekeze 1 yofiira kwambiri ngati agogo ake, 2 za pinki, 1 yoyera mbee. Zikanakhala kuti zinasakanikirana, kufiira kuja sikukanabwereranso. Alili ya kufiira inali bwinobwino mkati mwa la pinki, kungoti ili yokha imapanga utoto wochepa kusiyana ndi zikakhala ziwiri.

aGama: Pa kubwerera kwa kufiira ndavomera. Koma 1:2:1 ndimaphunzitsa chonchi chaka ndi chaka ndipo ana amakhoza.

aPhiri: Amakhoza chifukwa funso limakhala litanena kale kuti apakati ndi a pinki. Koma kodominansi nayo imapereka 1:2:1 yemweyo. Manambala okha sangakuuzeni kuti ndi iti mwa ziwirizi. Muyenera kumuyang'ana mwana wapakatiyo. Ng'ombe za Shorthorn zimaonetsa bwino: yofiira ndi yoyera zimabereka ya roni, imene ukaiona patali imaoneka yofiira mofuwirira, koma ukafika pafupi n'kugwira ubweya upeza tsitsi lina lofiira lenileni, lina loyera lenileni, zitangokhalirana. Palibe tsitsi la pinki. Imeneyo ndi kodominansi. Duwa lija ngakhale uliyang'ane pafupi bwanji, ndi la pinki basi.

Mayi Nasibeko: Pepani ndilowerere, ine za mayeso sindikuzidziwa, ndimangoweta nkhuku kuno ku Salima. Ndili ndi tambala wa kameta ndi thadzi la kameta, onse akuda. Ndinkafuna kameta okhaokha chifukwa kuno kumatentha ndipo amapirira bwino. Thadzi linaswa anapiye 11. Awiri khosi lili mbulanda mpaka pa chifuwa, 5 khosi lopanda nthenga koma ali ndi kamtolo ka nthenga kutsogolo, 4 ali ndi nthenga khosi lonse ngati nkhuku wamba. Ndiye anzanga akuti tambala wa oyandikana nawo ndi amene anakwera. Zoona?

aPhiri: Mayi, mwabweretsa chitsanzo choposa za m'mabuku. Ndikufunseni kaye: tambala wanu ndi thadzi lanu, ali ndi kamtolo ka nthenga kutsogolo kwa khosi, pamwamba pa chithokomiro?

Mayi Nasibeko: Eya bambo, onse awiri ali nako. Ndinkayesa kameta aliyense amakhala choncho.

aPhiri: Ndiye pa nkhani ya khosiyi tambala wa anzanu sakufunika kuti tifotokoze zimene mwaona. Jini ya kameta timailemba Na, inzake ya nthenga zonse ndi na. Nkhuku ikalandira Na kwa tambala ndi Na kwa thadzi, khosi lonse limakhala mbulanda, kamtolo kaja kulibe kapena katsala tinthenga towerengeka, ndipo thupi lonse nthenga zimachepa ndi pafupifupi 40 pa 100. Ikalandira Na imodzi yokha, khosi limametekabe koma kamtolo kamatsala ndipo nthenga sizichepa kwambiri choncho. Tambala wanu ndi thadzi lanu onse ndi a Na imodzi. Mukawakweretsa zimakhala motere:

```
       Na       na
Na   Na/Na    Na/na
na   Na/na    na/na
```

Pa anapiye 11 tiyembekeza pafupifupi 3 ometeka kwambiri, 5 kapena 6 a kamtolo, ndi 3 a nthenga zonse. Inu mwapeza 2, 5 ndi 4. Zagwirizana bwino.

Tadala, taona apa. Munthu wongodutsa pa khola la mayiwa anganene kuti kameta 7, wamba 4, n'kulemba kuti Na ndi dominanti, 3:1. Mayiwa poti amazidziwa nkhuku zawo aona magulu atatu. Anapiye ndi omwewo, majini ndi omwewo.

Mayi Nasibeko: Ndiye kuti ndipeze kameta okhaokha nditani?

aPhiri: Sungani awiri opanda kamtolo aja. Na/Na akakwera nkhuku iliyonse, ngakhale wamba, anapiye onse amatuluka kameta, kungoti ndi wamba adzakhala a kamtolo onse. Na/Na awiri amapereka ometeka kwambiri okhaokha. Koma musakweretse a mimba imodzi, funani wina wopanda kamtolo kwina. Ubwino wa dominansi yosakwanira kwa mlimi ndi umenewu, jini zimene nkhuku yanyamula mumaziwerenga pa khosi pake osadikira kuti ibereke kaye.

Limbani: Kwathu kuli za kansilanga, za nthenga zopiringizikira m'mwamba zija. Nazonso n'chimodzimodzi?

aPhiri: N'chimodzimodzi. Jini yake timailemba F. Ya F imodzi nthenga zimapindika bwino. Ya F ziwiri nthenga zimakhala zopyapyala, zothyoka msanga, nkhuku imafika pokhala ngati yosupuka ndipo imavutika ndi kuzizira. N'chifukwa chake oweta odziwa sakweretsa kansilanga ndi kansilanga, poti mmodzi pa 4 atuluka wotero. Amakweretsa kansilanga ndi wamba, theka n'kukhala kansilanga wabwino, theka wamba.

aNachisale: Ine ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala, ndiye ndilankhuleko za magazi poti aGama atchula AB. Munthu wa AB tikamuyeza, magazi ake amaundana ndi mankhwala ofufuza A komanso ndi ofufuza B. Sikuti ndi gulu lapakati ayi, selo iliyonse yofiira yanyamula zizindikiro zonse ziwiri. Makolo onse akakhala AB, ana amayembekezeka 1 A, 2 AB, 1 B. Koma bambo wa A amene wabisa alili ya O, ndi mayi wa B amene wabisanso O, angabereke A, B, AB kapena O, mwayi wofanana, 1:1:1:1. Pamenepo mu jini imodzi muli zonse: A ndi B ndi kodominanti, koma onse awiri amaphimba O kotheratu.

Funso langa kwa aPhiri ndi la siko selo. Buku lina limati kodominansi, lina limati dominansi yosakwanira, pomwe ku wodi timangoti ndi matenda a resesivu. Cholondola n'chiti?

aPhiri: Mayi Nachisale, kwa ine zonse zitatu zili ndi malo ake, zikutengera mukuyeza chiyani. Makolo awiri a AS, onyamula alili ya himogulobini wamba A ndi ya siko selo S, amapereka 1 AA, 2 AS, 1 SS pa mimba iliyonse, mwayi wake susintha. Mukafunsa kuti ndani akudwala, AA ndi AS ali bwino, SS akudwala, 3:1. Mukayika magazi pa makina olekanitsa himogulobini, AS amaonetsa mizere iwiri, wa A ndi wa S, ndiye 1:2:1 ya kodominansi.

aNachisale: Mizere iwiriyo ndimaiona ndithu. Koma si yofanana kukula. Mwa munthu wa AS himogulobini S imakhala yosafika theka, kawirikawiri cha m'ma 40 pa 100 kapena kucheperapo. Ndipo mpweya ukachepa kwambiri maselo ake ena amapindika ndithu, ngakhale si ngati a SS. Ndiye amene amati dominansi yosakwanira sindingawatsutse.

aGama: Nanga mwana wa sukulu alembe chiyani? Ine ndimati kodominansi ndipo ndipitiriza, chifukwa mitundu yonse iwiri ya himogulobini imapangidwa.

aNachisale: Alembe zimenezo, koma anenenso kuti akukamba za himogulobini osati za kudwala. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti makolo ena akamva "mmodzi pa 4" amaganiza kuti poti woyamba wabadwa ndi SS, atatu otsatira ali bwino. Sizili choncho, mimba iliyonse imayambiranso pa mwayi womwewo. Ndaonapo banja la ana atatu, awiri a SS.

Tadala: Mpaka apa ndamva. Dominansi yosakwanira ndi kodominansi zikung'amba 3 uja kukhala 1 ndi 2. Nanga epistasisi? aGama anati ndi jini yamphamvu kugonjetsa inzake, koma dominansi nayo si yomweyo?

aPhiri: Pamenepo ndi pamene ambiri amasokonezeka. Dominansi ndi nkhani ya maalili awiri a jini imodzi, monga Na ndi na. Epistasisi ndi nkhani ya majini awiri osiyana, okhala malo osiyana, ina n'kubisa ntchito ya inzake. Ndipo si nkhani ya mphamvu, chifukwa nthawi zambiri yobisayo imakhala resesivu, jini imene yalephera kugwira ntchito. Zili ngati ku chigayo magetsi atazima: kaya mwasenza chimanga kaya mapira, ufa sutuluka, ndipo woona lichero lopanda kanthu sangadziwe kuti m'thumba munali chiyani.

Mayi Nasibeko, anapiye anu 11 aja, mtundu wa nthenga uli bwanji?

Mayi Nasibeko: Ndimafuna ndifunse zomwezo. Makolo onse akuda bii, koma 7 akuda, 2 ofiirira, 2 oyera. Oyerawo ndi amene anzanga akulozera kwambiri, poti tambala wa oyandikana nawo ndi woyera.

aPhiri: Tiyeni tiwerengere limodzi, koma pamapeto ndinena chifukwa chake pano sindingatsimikize ngati pa khosi paja.

Pali jini imene imapangitsa kuti utoto upangike m'nthenga, C. Nkhuku ya c/c siyika utoto m'nthenga konse, imakhala yoyera. Palinso ina yosankha mtundu, E, imene imadetsa nkhuku yonse ndipo imaphimba maalili a kufiirira. Jini imeneyi ili ndi maalili angapo, koma pano tingowatcha onse ofiirira e. Tiyerekeze kuti tambala ndi thadzi onse ndi C/c E/e. Onse aoneka akuda.

Tadala, usajambule mabokosi 16. Tenga jini iliyonse payokha. Pa C, mwayi woti utoto ulipo ndi 3/4, woti palibe ndi 1/4. Pa E, kuda ndi 3/4, kufiirira 1/4. Tsopano chulukitsa. Utoto ulipo ndipo ndi wakuda, 3/4 × 3/4 = 9/16. Utoto ulipo ndipo ndi wofiirira, 3/4 × 1/4 = 3/16. Utoto palibe koma jini ya kuda ilipo, 3/16. Utoto palibe ndipo jini ndi ya kufiirira, 1/16. Amenewo ndi 9:3:3:1 wa Mendel, sanapite kulikonse. Koma magulu awiri omalizawo onse ndi nkhuku zoyera, maso sangazilekanitse. 3 ndi 1 apanga 4. Ndiye 9 akuda, 3 ofiirira, 4 oyera.

Pa anapiye 11, zimenezi zikutanthauza pafupifupi 6 akuda, 2 ofiirira, 3 oyera. Mayi apeza 7, 2 ndi 2.

Tadala: Aaa, ndiye epistasisi ikuphatikiza magulu pamene zinazo zikung'amba! Ndiye 9:7 ndi 3 + 3 + 1, 12:3:1 ndi 9 + 3, ndipo 13:3 ndi 9 + 3 + 1?

aPhiri: Wagwira. N'chifukwa chake zonsezo ukaziwonkhetsa zimakwana 16. Ntchito yako pa funso lililonse ndi kufunsa kuti ndi magulu ati aphatikizana, ndipo chifukwa chiyani. Pa 9:7, majini onse awiri akufunika kuti utoto upangike, ikasowa imodzi iliyonse palibe kanthu. Bateson ndi Punnett anaziona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pa maluwa a mtundu wina wa nsawawa: anakweretsa mitundu iwiri yoyera, ana onse n'kutuluka a pepo, zidzukulu 9 za pepo pa 7 zoyera. Woyera aliyense anali ndi chimene mnzake analibe.

Limbani: Chimanga chamakolo chija chimakhala ndi maso ena akuda kapena a pepo pa chitsononkho chimodzi. Ndi 9:7 yomweyo?

aPhiri: Utoto umenewo umafunadi majini angapo kuti agwire pamodzi, mwa iwo C ndi R a chimanga, ndipo mbewu ya C/c R/r ikadzithira mungu wake womwe, chitsononkho cha maso 320 chimayembekezeka kukhala ndi 180 a utoto ndi 140 opanda. Chimanga n'chabwino pophunzirira chifukwa diso lililonse ndi mwana payekha. Koma cha m'munda mwanu musachiwerengere choncho. Mungu wabwera ndi mphepo kuchokera ku ngayaye zambirimbiri, ndiye chitsononkho chimodzi chili ndi abambo ochuluka. Kuti manambala akhale ndi tanthauzo muyenera kuvundikira ndevu ndi kathumba zisanatuluke, n'kuthira nokha mungu umene mukuudziwa.

Bambo Mbewe: Pepani, ine ndangowerenga mwachangu koma ndaona mukukamba zodziwa bambo wa mwana. Mbale wanga wina ndi wa gulu O, mkazi wake ndi wa B, mwana akuti ndi AB. Kunyumbako sikuli bwino. Malinga ndi zimene alemba mayi a ku labu, ndiye kuti mwanayo si wake eti?

aNachisale: Bambo Mbewe, chonde musatenge zimene talemba pano n'kukagamulira banja. Choyamba, gulu la magazi limene munthu amanena pakamwa kapena lolembedwa pa kakhadi kakalekale limalakwika nthawi zambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Onse atatu ayezetsenso pa labu imodzi. Ngati mwanayo ndi wakhanda, zizindikiro zake zimakhala zisanakhwime bwino. Chachiwiri, gulu la magazi si njira yotsimikizira ubambo. Njira yake ndi kuyeza DNA, ndipo pakhale uphungu asanayeze.

aPhiri: Ndikugwirizana ndi mayi Nachisale pa zonse. Ndiwonjezere kuti ngakhale m'majini momwe muli njira imene wooneka O angaberekere mwana wa A, ndipo ndi epistasisi yomwe tikukambayi. Zizindikiro za A ndi B zimamangidwa pamwamba pa chinthu china chotchedwa H, chopangidwa ndi jini ina. Munthu wa h/h alibe pomangira, ndiye ngakhale ali ndi alili ya A, pa kuyeza wamba amaoneka O. Akabereka ndi munthu amene ali ndi H, mwana amalandira A uja n'kumuonetsa. Zinapezeka koyamba ku Bombay mu 1952, ndipo ngakhale kumeneko ndi munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 10,000. Ndiye n'zosowa kwambiri, sindikunena kuti ndi zimene zachitika kwa abale anu. Ndikungoti gome la magulu a magazi la m'buku si khoti.

aNachisale: Ndipo munthu wotero mu labu amadziwika chifukwa madzi a magazi ake amaundanitsa ngakhale maselo a O wamba. Sangalandire magazi a O, amafuna a mnzake wa h/h.

Bambo Mbewe: Ndamva. Ndiwauza akayezetsenso kaye onse. Zikomo.

Tadala: APhiri, ndiyese ndekha. Makolo onse akakhala AB komanso H/h, ndiye kodominansi ndi epistasisi zakumana. Pa jini ya ABO ndi 1/4 A, 1/2 AB, 1/4 B. Pa H ndi 3/4 ali naye, 1/4 alibe. A ndi 1/4 × 3/4 = 3/16, AB ndi 6/16, B ndi 3/16, ndipo onse a h/h ndi 4/16 ooneka O. Ndiye 3:6:3:4?

aPhiri: Ndendende, ndipo palibe anakuloweza ameneyo. Jini imodzi yang'amba, inayo yaphatikiza.

Mayi Nasibeko: Bambo Phiri, munati munena chifukwa chake simukutsimikiza za oyera anga aja.

aPhiri: Zikomo pondikumbutsa mayi. Zifukwa zilipo zingapo. Kuyera kwa nkhuku kuli pawiri. Kwina ndi c/c takamba kuja. Kwina kumabwera ndi jini ya dominanti, I, imene imatsekereza utoto wakuda ngakhale ili imodzi yokha. Ndi imene ili mu White Leghorn, ndipo kudzera mu nkhuku zoyera za chizungu ikhoza kufika m'makola a m'mudzi. Ngati tambala woyera wa anzanu ali ndi I ndipo anakumanako ndi thadzi lanu, anapiye awiri oyera pa 11 sizingadabwitse. Thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi mpaka masabata awiri kapena atatu, ndiye mazira a chisa chimodzi akhoza kukhala a atambala awiri.

Komanso anapiye 11 ndi ochepa. 7:2:2 akugwirizana ndi 9:3:4, koma angagwirizanenso ndi nkhani zina. Ndipo ngati akadali ndi nthenga za ukhanda dikirani, poti ena amabadwa oyererako achikasu n'kudzafiira akakula.

Mayi Nasibeko: Akula ndithu, nthenga zenizeni zatuluka. Mmodzi mwa oyerawo ndi mmodzi wa awiri opanda kamtolo aja, khosi mbulanda. Tambala wa anzanga si kameta.

Limbani: Ndiye nkhani yatha apa! Wopanda kamtolo ndi Na/Na, analandira Na kwa bambo ake. Tambala woyera alibe Na. Ndiye bambo ake ndi tambala wakuda wa mayiwa, ndipo kuyera kwake ndi c/c.

aPhiri: Limbani, waganiza bwino kwambiri, ndipo kwa mwanapiye ameneyo ndikutsamira komweko. Chenjezo langa ndi limodzi: kamtolo kamasiyana kukula, ena a Na imodzi kamakhala kakang'ono, kapena anzake amakajompha. Mayi amugwire amuyang'ane pa khungu ngati pali timabowo ta nthenga. Ndipo woyera winayo sizikumukhudza, akhoza kukhala ndi bambo wina.

aGama: Ine pa 13:3 ndidakali ndi vuto. Kodi si 3:1 chabe imene yangosokonekera pang'ono? Pa 16, wina akupereka 12 wina 13. Mukusiyanitsa bwanji?

aPhiri: Funso labwino aGama, ndipo ndi mitundu iwiri ya kuyera yomweyi. Mukakweretsa White Leghorn wa I/I C/C ndi nkhuku yoyera ya i/i c/c ngati White Wyandotte, ana onse ndi oyera, I/i C/c. Anawo akaberekana, utoto umaoneka mwa okhawo opanda I koma okhala ndi C, 1/4 × 3/4 = 3/16. Ena onse 13 ndi oyera.

Mukunena zoona kuti powerenga pokha n'zovuta. Ngakhale mutakhala ndi anapiye 160 n'kupeza 130 oyera ndi 30 a utoto, ndendende 13:3, mukayesa ndi kayi-sikweya poyerekeza ndi 120:40 wa 3:1 mupeza 100/120 + 100/40, amene ndi 3.33. Sanafike pa malire a 3.84, ndiye simungakane 3:1. Njira yachidule ndi kukweretsa I/i C/c uja ndi i/i c/c. Ana amakhala mitundu inayi yofanana kuchuluka, ndipo umodzi wokha, i/i C/c, ndi wa utoto: 3 oyera pa 1. Ikanakhala jini imodzi ya dominanti, I/i ndi i/i akanapereka theka ndi theka. Kusiyanitsa 3:1 ndi 1:1 sikufuna anapiye mazana.

Tadala, yesa kukweretsa kotereku pa 9:3:4 ndi 9:7. Yamba ndi 1:1:1:1, phatikiza magulu omwe aja.

Tadala: 9:3:4 ikupereka 1:1:2, ndipo 9:7 ikupereka 1:3.

aGama: Manambala ndawaona. Komabe ine 13:3 ndimaona ngati ndi majini awiri ochita ntchito imodzi yoyeretsa, sindikuona chifukwa choitchulira epistasisi. Ndikaganizirabe.

aPhiri: I ikubisa zimene C akanaonetsa, n'chifukwa chake imalowa m'gululi. Koma mabuku amaitchula maina osiyanasiyana, ndiye pa dzina sindilimbana nanu.

Mayi Nasibeko: Ine ndikufuna ndidziwe zenizeni za oyera anga, makamaka wachiwiriyo. Ndi thadzi. Ndichite bwanji likakula?

aPhiri: Litsekereni lokha ndi tambala wakuda wosakhala wachibale, wa Mikolongwe weniweni angachite bwino poti mtundu umenewo si wobereka oyera. Ngati linayendapo kale ndi atambala ena, mazira a masabata atatu oyamba mudye, mufungatiritse otsatira. Ngati kuyera kwake ndi c/c, anapiye onse atuluka ndi utoto, woyera sadzapezeka. Ngati ndi I imodzi yochokera kwa tambala wa anzanu, pafupifupi theka atuluka oyera, ambiri ndi timadontho takuda apa ndi apo. Anapiye 8 kapena 10 akwanira, chifukwa mwayi woti thadzi la I/i lisabereke woyera ngakhale mmodzi pa anapiye 8 ndi 1 pa 256. Mulembenso mazira amene sanaswe.

Mayi Nasibeko: Tambala wa Mikolongwe alipo kwa achimwene anga. Nanga makolo akuda aja, ndikawatsekera okha awiri kwa masabata atatuwo n'kudzatulukanso woyera, si umboni womwewo?

aPhiri: Ndi umboni woti onse awiri anyamula c, ndipo mungaupeze msanga osadikira kuti thadzi loyera likule. Koma woyera akapanda kutuluka musafulumire kugamula, chifukwa makolo a C/c awiri amatha kuswa anapiye 8 opanda woyera kamodzi pa maulendo 10 alionse. Pamenepo pafunika chisa chachiwiri.